Kalembedwe ka mawu a kanema wa moni wa Khirisimasi kwa abale a mpingo amene ali kutali

Mipingo ing'onoing'ono ya anthu olankhula Chichewa muno mu Harare, kaya ndi ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose, ku Mabvuku kapena ku Epworth, ili ndi chinthu chimodzi chofanana, chakuti m'buku la mayina muli anthu ambiri kuposa amene amakhala pamabenchi Lamulungu. Ena adapita ku Joni ndi ku Cape Town kukafuna ntchito, ena adabwerera kwawo ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Lilongwe atakalamba, ena ali kumafamu ndi kumigodi, ndipo ochepa adawoloka nyanja. Khirisimasi ikamayandikira, mpingo umafuna kuwatumizira moni pa kanema wojambulidwa ndi foni. Kujambulako si kovuta, chifukwa achinyamata athu amakudziwa. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi pepala la mawu, loti lionetse amene adzalankhule, zimene adzanene ndi nthawi imene adzatenge. Popanda pepalali kanema amatalika, mkulu mmodzi amalankhula mpaka ena kusowa mpata, ndipo m'bale amene ali kutali amaonera mpaka kumapeto osamva dzina lake.

Malangizowa atsatira chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka potumiza. Tiyerekeze kuti ndi mpingo wa ku Mufakose wa anthu pafupifupi 60, umene uli ndi mabanja 20 kutali, ndipo ukufuna kanema wa mphindi zinayi.

Yambani ndi mndandanda wa mayina

Musanalembe liwu lililonse la moni, khalani pansi ndi mlembi wa mpingo, mayi mmodzi wa m'bungwe la amayi ndi wachinyamata mmodzi, kuti mulembe mayina a anthu onse amene kanemayo akupita kwa iwo. Atatuwa akufunika onse chifukwa aliyense amadziwa zimene mnzake sadziwa. Mlembi ali ndi buku, koma bukulo silinena kuti banja lina lidasamuka ku Joni kupita ku Durban. Amayi ndi amene amadziwa za ukwati, za mwana amene wabadwa ndi za banja limene lili pamavuto. Wachinyamata amadziwa anzake amene adachoka mwakachetechete osatenga kalata ya mpingo, ndipo amenewa ndi amene amaiwalika msanga, chonsecho ndiwo amene moni ungawakhudze kwambiri.

Ntchito imeneyi ichitike kumapeto kwa Novembala. Mndandanda ukatha, uwerengedwe m'tchalitchi pa nthawi ya zolengeza, ndipo mufunse kuti aliyense amene ali ndi m'bale wosatchulidwa auze mlembi tsiku lomwelo. Ndikulimbikira pa mfundo iyi chifukwa cholakwika chachikulu pa kanema wotere si chithunzi chogwedera kapena kwaya yophonya mawu. Zimenezo anthu amazikhululukira. Koma ngati mwatchula mabanja 19 n'kusiya limodzi, banja limenelo lidzamva kuti mpingo udalifufuta, ndipo kupepesa kwa pambuyo sikubweza zonse.

Pa dzina lililonse gwirizanani katchulidwe kake. Munthu amatchulidwa monga momwe mpingo unkamuitanira akadali pakati panu. Gogo amene aliyense ankamudziwa ndi mfunda wake, monga Naphiri kapena Nabanda, asatchulidwe ndi dzina la pachitupa limene ngakhale adzukulu ake saligwiritsa ntchito. Amene adali mkulu wa mpingo atchulidwe ndi udindo wake. Samalani kwambiri ndi mawu akuti "bambo ndi mayi Uje", chifukwa ngati awiriwo adapatukana ali kunjako, mawu amenewa adzawapweteka onse, ndipo pamenepa ndi pamene uphungu wa amayi umathandiza. Zikakhala choncho, aliyense atchulidwe payekha, m'gulu la dera limene akukhala, popanda kufotokoza chilichonse.

Gawani nthawi musanalembe mawu

Kanema wa moni asapitirire mphindi zinayi kapena zisanu. Chifukwa choyamba ndi deta. Gogo wa ku Dedza adzaonera pafoni ya mdzukulu wake ndi bandulo yogula ndi ndalama zochepa, ndipo kanema wolemera sadzatsitsidwa n'komwe. Chifukwa chachiwiri n'chakuti ambiri mwa abale athu akunja amagwira ntchito ngakhale pa masiku a tchuthi, m'nyumba za anthu, m'malo odyera kapena posamalira okalamba, motero adzaonera pa kanthawi kopuma.

Mphindi zinayi ndi masekondi 240, ndipo pa chitsanzo chathu tingawagawe motere. Masekondi 15 oyamba ndi a nyimbo, mpingo wonse ukuoneka. Kenaka mkulu wa mpingo apereke moni kwa masekondi 25, ndipo munthu wina awerenge Mawu a Mulungu kwa masekondi 30. Gawo la mayina litenge masekondi 70, nkhani za chaka masekondi 40, ana masekondi 15, pemphero ndi mdalitso masekondi 30, ndipo masekondi 15 otsala akhale otsazikana. Mukaona kagawidweka mudzazindikira kuti gawo lalikulu kuposa onse ndi la mayina, osati la abusa kapena la kwaya. Zili choncho mwadala. Amene ali kutali amamva ulaliki kumene akupemphera, ndipo nyimbo za Khirisimasi amazipeza paliponse, koma kulibe kwina kumene angamve dzina lawo likutchulidwa ndi anthu amene adakula nawo.

Masekondi 70 aja abwera motere: banja lililonse limafuna masekondi atatu kuti litchulidwe mosathamanga, ndiye mabanja 20 atenga masekondi 60, ndipo 10 otsalawo ndi a mawu olumikiza magulu. Ngati mabanja anu ndi 40, musafulumizitse owerenga kuti akwane m'nthawi yomweyo. Ndi bwino kuchotsa nkhani za chaka, kapena kupanga makanema awiri okhala ndi chiyambi ndi mathero ofanana koma mayina osiyana, wina wa ku South Africa ndi wina wa kwina konse.

Kuti mudziwe kuchuluka kwa mawu okwana m'gawo lililonse, musayerekeze ndi maso. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo ndime imene ikuoneka yaifupi papepala imatenga nthawi yambiri pakamwa. Lembani gawolo, mupatse munthu amene adzalankhuleyo kuti awerenge mokweza, wina akuyang'ana wotchi ya pafoni. Wowerenga akhale mwini wake wa gawolo, chifukwa wachinyamata amene walemba amawerenga mofulumira kuposa mkulu wa zaka 70 amene adzaime kutsogolo kwa foni.

Lembani mawu oti amvedwe ndi khutu

Tsopano mufike pa mawu enieni. Lamulo loyamba n'lakuti mukulankhula kwa anthu amene ali kutali, osati kwa mpingo umene uli m'tchalitchi. Akuluakulu athu adazolowera kuyamba ndi kulemekeza abusa, akulu a mpingo, atumiki, amayi, achinyamata ndi alendo, aliyense pamalo pake. Ulemu umenewo ndi woyenera pa msonkhano, koma pa kanema umadya masekondi onse 25 moni usanayambe. Kambiranani ndi abusa pasadakhale kuti pa ntchito iyi olemekezeka ndi amene akuonera. Moni wa mkulu wa mpingo ungalembedwe motere:

"Abale ndi alongo athu okondedwa amene muli kutali, landirani moni wa Khirisimasi kuchokera kwa ife mpingo wanu kuno ku Mufakose. Malo anu akadalipo, ndipo mayina anu timawatchula m'mapemphero. Taimirira pano tonse, akulu ndi ana, kuti mutione ndi kutimva, ndipo tikondwerere limodzi kubadwa kwa Mpulumutsi wathu."

Onani kuti ziganizozi ndi zoti munthu angazinene ndi mpweya umodzi, ndipo liwu lakuti "inu" kapena "anu" likubwera msanga. Onaninso kuti mulibe mawu akuti "lero" kapena "m'mawa uno". Kanema amajambulidwa masabata awiri kapena atatu Khirisimasi isanafike ndipo amaonedwa pa nthawi zosiyana, wina usiku ali pantchito, wina patapita masiku atatu atapeza deta. Mkulu akanena kuti "lero pamene tikukondwerera", kapena akafunsa kuti "mwadzuka bwanji", mawuwo amaphonya. Nenani kuti "pa nyengo ino ya Khirisimasi", ndipo adzakhala oona tsiku lililonse.

Pa gawo la Mawu a Mulungu sankhani mavesi awiri kapena atatu okha. Luka 2:10-11, pamene mngelo akuuza abusa a nkhosa za kubadwa kwa Mpulumutsi, amakwana bwino m'masekondi 30 pamodzi ndi kutchula buku ndi mutu. Nkhani yonse ya Luka 2:1-20 ingatenge pafupifupi nthawi yonse ya kanemayo. Werengani m'Baibulo limene mpingo wanu umagwiritsa ntchito masiku onse, chifukwa amene adachoka kalekale amasunga mawu ake m'mutu, ndipo akamva katchulidwe komwe kaja milomo yawo imatsatira yokha. Ulaliki usalowepo. Ngati abusa akufuna kupereka uthenga wa nyengoyi, ujambulidwe padera ndipo utumizidwe ngati mawu okha, popeza mawu opanda chithunzi sadya deta yambiri.

Gawo la mayina

Mayina asawerengedwe ndi munthu mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa akatero amamveka ngati kaundula. Agaweni m'magulu molingana ndi madera, ndipo gulu lililonse lipatsidwe wolankhula amene ali ndi ubale ndi anthu a kumeneko. Pa chitsanzo chathu, tinene kuti mabanja asanu ndi anayi ali ku South Africa, asanu ali ku Malawi, atatu ali m'dziko muno ku Bulawayo, ku Mutare ndi kumafamu, ndipo atatu ali ku Botswana ndi kutsidya kwa nyanja. Gulu la ku South Africa ndi lalikulu, choncho ligawidwe pakati pa anthu awiri, mayi amene mwana wake ali kumeneko ndi wachinyamata wa m'kwaya. Gulu la ku Malawi lipatsidwe gogo wa msinkhu wofanana ndi amene adabwerera kumudzi. Mawu ake angakhale awa:

"Inu amene mudabwerera kwathu ku Malawi, moni wanu ndapatsidwa ine. Gogo Uje ku Dedza, bambo Uje ndi banja lonse ku Ntcheu, mayi Uje ndi ana ku Lilongwe, tikukukumbukirani. Mutiperekere moni kwa onse kumudzi."

Pamene dzina likutchulidwa, achibale a munthuyo akhale ataima pafupi ndi wolankhula kuti akweze dzanja. Zimenezi zilembedwe papepala. Ndi chifukwa chake pepala la mawu liyenera kugawidwa pawiri ndi mzere wotsika: kumanzere mulembe amene akuoneka ndi pamene aima, kumanja mulembe zimene zikunenedwa ndi masekondi ake. Mwachitsanzo, kumanzere kwa mawu a gogo aja mungalembe kuti gogo wakhala pampando pakhomo la tchalitchi, adzukulu a mabanja otchulidwawo aima kumbuyo kwake. Mayi amene ali ku Cape Town, yemwe adasiya mwana wake kwa agogo, adzaimitsa kanema pomwepo kuti aone ngati mwanayo wanenepa, ngati wakula, ndiponso ngati wavala nsapato zimene adamutumizira. Choncho mwana wotero asabisike kumbuyo kwa akuluakulu, ndipo foni ikhale pa iye masekondi okwanira.

Nkhani ya chinenero nayonso ikonzedwe pomwepa. M'mipingo yathu ya mu Harare akuluakulu amalankhula Chichewa, ana ambiri obadwira kuno amamasuka m'Chishona, ndipo adzukulu obadwira kunja ena amangomva Chingerezi. Musamasulire chiganizo chilichonse katatu, chifukwa nthawi idzatha ndipo aliyense adzatopa. Moni woyamba, Mawu a Mulungu ndi mdalitso zikhale m'Chichewa, monga momwe mapemphero anu amayendera. Wachinyamata amene akutchula anzake a ku Joni alankhule m'Chishona ngati ndimo amachezera, ndipo m'gawo la ana, mwana mmodzi apereke chiganizo chimodzi m'Chingerezi kwa ana anzake akunja. Motero aliyense adzapezamo gawo lolankhula kwa iye.

Nkhani za chaka ndi zimene siziyenera kulowa

Masekondi 40 amakwana nkhani zitatu, zosaposa apo. Sankhani zimene zingaonetsedwe, monga ana amene abatizidwa, ukwati umene udachitika, kapena denga limene lakonzedwa. Wolankhula akatchula denga, foni iloze dengalo. Zimene sizingaonetsedwe, monga zokambirana za komiti, zisiyidwe.

Imfa za m'chakacho ziyenera kutchulidwa, chifukwa kuzidumpha kumaoneka ngati mpingo waiwala, koma zitchulidwe mosamala. Musanalembe dzina la womwalira, tsimikizani kuti achibale onse akutali adauzidwa kale ndi banja lawo. Zimachitika kuti banja labisira gogo wodwala kumudzi za imfa ya mdzukulu, kudikira kuti wina apite akamuuze pamaso, ndipo si bwino kuti amve koyamba pa kanema wa chikondwerero. Ngati banja lavomera, mawu akhale ochepa: "Chaka chino tidaperekeza mayi Uje ndi bambo Uje. Tikudziwa kuti ena mwa inu simudathe kufika pamaliro, ndipo tikulira nanu pamodzi." Chiganizo chachiwiricho n'chofunika, chifukwa amene adalephera kubwera kumaliro a kholo lawo amanyamula chisoni chimenecho kwa nthawi yaitali. Gawo limeneli liikidwe pafupi ndi pemphero, ndipo lisatsatane mwachindunji ndi nthungululu. Ngati pakufunika kutero, sinthani dongosolo kuti ana abwere nkhani za chaka zisanayambe. Za matenda musatchule pokhapokha wodwalayo atapempha yekha.

Kumbukirani kuti kanema akangochoka m'foni mwanu ali ngati kalata yosamata, imene aliyense woigwira angathe kuiwerenga n'kuipatsira wina. Pa chifukwa chimenechi musatchule malo antchito a munthu, keyala ya nyumba yake, kapena chilichonse chokhudza mapepala ake a chilolezo chokhalira m'dziko limene ali. Si abale onse amene zinthu zawo zili m'malo mwake, ndipo pemphero lochokera pansi pa mtima lopempherera m'bale Uje kuti mapepala ake atheke likhoza kumuika pamavuto likafika m'manja olakwika. Dzina ndi mzinda n'zokwanira, ndipo amene sakufuna kuti mzinda wake utchulidwe alemekezedwe. Makolo a ana onse amene adzaonekere afunsidwenso chilolezo.

Pali chinthu china chimene ndikupempha kuti chisalowe n'komwe, ndicho pempho la ndalama. Ndikudziwa kuti mipingo yathu ndi yosauka, ndipo komiti ya zomangamanga imaona kanemayu ngati mpata wabwino wokumbutsa za simenti ndi malata. Koma abale akunja amalandira mapempho chaka chonse, makamaka mu Disembala, ndipo akaona kuti ngakhale moni wa mpingo wathera pa nambala yotumizira ndalama, amazindikira kuti akukumbukiridwa chifukwa cha thumba lawo. Pempho likhale ndi kalata yake mu Januwale kapena mu Febuluwale. Ngati mukufuna kuthokoza amene adathandiza, thokozani onse pamodzi popanda kutchula mayina kapena kuchuluka kwa ndalama, chifukwa amene adasowa chotumiza chaka chino akuoneranso kanema yemweyo.

Pemphero lilembedwe, ngakhale kwa abusa amene sanazolowere kupemphera zolemba. Masekondi 30 ndi ziganizo zinayi kapena zisanu: kuthokoza chifukwa cha kubadwa kwa Khristu, kupempherera chitetezo cha amene ali kutali ndi amene ali paulendo, kutonthoza ofedwa, ndi mdalitso. Salimo 121:8, limene limanena za kusungidwa potuluka ndi polowa, limagwirizana bwino ndi anthu apaulendo, ndipo mdalitso wa pa Numeri 6:24-26 ndi waufupi mokwanira. Pomaliza mpingo wonse unene chiganizo chimodzi chogwirizana, monga "Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chamadalitso", kenaka nthungululu ndi kukweza manja.

Kuyeserera ndi kujambula

Pepala likatha, lipite kwa abusa kapena kwa akulu a mpingo kuti alivomereze, ndipo wolankhula aliyense apatsidwe gawo lake lokha sabata imodzi kujambula kusanachitike. Tsiku labwino lojambula ndi Lamulungu loyamba kapena lachiwiri la Disembala. Mukadikira kupitirira apo, sukulu zimakhala zitatsekera, ana atumizidwa kumidzi, ndipo pofika tchuthi cha pa 22 Disembala mabenchi amakhala atayamba kuchepa anthu.

Jambulani gawo lililonse palokha, osati kanema yense nthawi imodzi, kuti wina akalakwitsa mubwereze gawo lake lokhalo. Wojambula awerenge mumtima mpaka katatu wolankhula asanayambe, ndiponso akamaliza, kuti polumikiza zigawozo mawu oyamba ndi omaliza asadulidwe. Foni igwiridwe chopingasa m'zigawo zonse, popeza gulu la anthu silikwana ikaimirira, ndipo kusakaniza magwiridwe awiriwa kumachititsa kuti zigawo zina zioneke zazing'ono. Itsamiritseni pa chinthu cholimba, ngakhale mulu wa mabuku a nyimbo patebulo, pa msinkhu wa maso a wolankhula. Yatsani Flight mode kuti wina akaimba foni asadule kujambula.

Amene sangathe kuloweza mawu awo athandizidwe motere: lembani mawuwo ndi cholembera chachikulu pa katoni kapena papepala lalikulu, ndipo munthu wina aligwire kumbuyo kwa foni, pafupi kwambiri ndi diso la kamera. Wolankhula akagwira pepala m'manja, oonera amangoona pamutu pake. Kwa gogo amene maso ake saona bwino, mdzukulu anene chiganizo chimodzi, gogo abwereze akuyang'ana foni, ndipo mawu a mdzukuluyo adzadulidwa pokonza.

Chimene chimawononga makanema ambiri ndi mamvekedwe a mawu. Disembala ndi nyengo ya mvula kuno ku Harare, ndipo mvula ikamagwa pa malata palibe liwu limene lingamveke, choncho jambulani m'mawa mapemphero asanayambe kapena akangotha, popeza mvula yamabingu imakonda kubwera masana ndi madzulo. Magetsi akazima ndipo jenereta ikulira, izimitseni kwa kanthawi, chifukwa foni imakweza kulira kumeneko kuposa mmene khutu limamvera. Wolankhula aime pafupifupi mita imodzi kuchokera pa foni, ndipo asagwiritse ntchito chokuzira mawu cha tchalitchi, chimene chimachititsa mawu kubwerera m'makoma. Pa nyimbo, foni italikirane ndi sipika ya kiyibodi ndi ng'oma, apo ayi mawu a oimba adzamira. Ngati tchalitchi chili pafupi ndi msewu wa makombi, sankhani mbali ya kuseri. Kuwala kuchokere kutsogolo kwa wolankhula, chifukwa akaima chofulatira zenera kapena khomo lotsegula nkhope yake imada n'kutsala mthunzi wokha.

Njira yodziwira ngati gawo latheka ndi yosavuta. Musanalole anthu kubalalika, tulukani panja ndi foniyo, muike m'manja mwa munthu wachikulire amene sadaone pepala la mawu, ndipo aonere popanda zomvera m'makutu. Akatha kubwereza mayina onse amene wamva, gawolo lili bwino. Akafunsa kuti "wati ndani?", jambulaninso pomwepo. Mlembi akhale ndi mndandanda m'manja n'kumachonga dzina lililonse pamene likumveka, chifukwa wolankhula akhoza kudumpha mzere osazindikira.

Kulumikiza ndi kutumiza

Wachinyamata amene akulumikiza zigawo atsate pepala lomwelo, ndipo asaike nyimbo za ojambula ena pansi pa mawu a olankhula. Nyimbo zotero zimaphimba mayina, komanso zili ndi eni ake, moti kanema akaikidwa pa Facebook kapena YouTube akhoza kutsekedwa mawu. Kuimba kwa mpingo wanu n'kokwanira. Ngati angathe kulemba mayina a madera pansi pa chithunzi, achite ndi zilembo zazikulu, ndipo mlembi aone kalembedwe kake.

Posunga kanema womaliza sankhani 720p. Pa mafoni ambiri kanema wa 1080p amaposa 100 MB pa mphindi imodzi, ndipo pa kachithunzi ka foni kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati kanema wamba kuti achepetsedwe kulemera, osati ngati Document, chifukwa njira imeneyo imatumiza kanema ndi kulemera kwake konse. Yambani mwatumiza kwa munthu mmodzi wa mumpingo momwemo, kuti muone kukula kwake pofika ndiponso kuti wafika wathunthu osadulidwa kumapeto. Kwa okalamba a kumudzi konzaninso mawu okha a kanema yemweyo, amene angatsitsidwe ngakhale pamene netiweki ndi yofooka.

Tumizani pa 23 kapena pa 24 Disembala, osati pa tsiku lenilenilo pamene mafoni amadzaza ndi mauthenga. Nthawi ya Harare ndi yofanana ndi ya Malawi, South Africa ndi Botswana. Mu Disembala, ku Mangalande amakhala m'mbuyo ndi maola awiri, pamene ku Perth amakhala patsogolo ndi maola asanu ndi limodzi ndipo ku Sydney ndi maola asanu ndi anayi, motero amene ali ku Australia atumiziridwe msanga. Kuika kanema m'gulu la mpingo la pa WhatsApp sikokwanira, chifukwa ena adatulukamo ndipo ena adasintha manambala. Gawani mabanja 20 aja pakati pa olankhula a m'gawo la mayina, kuti aliyense atumize kwa anthu amene adawatchula, ndi chiganizo chimodzi cholembera munthuyo payekha, ndipo mlembi achonge banja lililonse limene lalandira.

Pepala lomweli lingagwirenso ntchito pa Pasaka mukasintha zinthu zochepa. Mavesi akhale a kuuka kwa Ambuye, monga Mateyu 28:5-6, ndipo gawo lokumbukira omwalira lingapatsidwe nthawi yochulukirapo chifukwa limagwirizana ndi uthenga wa tsikulo. Tsiku la Pasaka limasintha chaka ndi chaka pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, choncho liyang'aneni pa kalendala msanga n'kuwerenga masabata anayi chobwerera kuti mudziwe tsiku loyamba kulemba mayina. Mndandanda wa Khirisimasi usangokoperedwa, koma uunikidwenso ndi anthu atatu aja, chifukwa pa miyezi itatu kapena inayi pamakhala ena amene abwerera kuno, ena amene angochoka kumene, ndi ena amene asamukira mzinda wina.